Kalondolondo wa pa Intaneti: Momwe Makuki ndi Zidindo za Bulawuza Zimatsatira Munthu

Mawu oyamba

Munthu akafufuza mtengo wa nsapato pa webusayiti ina m'mawa, si zachilendo kuti madzulo ake aone nsapato zomwezo zikutsatsidwa pambali pa nkhani za mpira zimene akuwerenga pa webusayiti yosiyana kotheratu. Eni ake a mawebusayiti awiriwa sadziwana, ndipo munthuyo sanalembe dzina lake paliponse. Nanga uthenga wa nsapatozo wadutsa njira iti?

Nkhani ino ikuyankha funso limeneli. Ifotokoza njira ziwiri zimene makampani amagwiritsa ntchito pochita kalondolondo wa anthu pa intaneti. Njira yoyamba ndi yosiya chizindikiro m'kompyuta kapena m'foni ya munthu, ndipo chizindikirocho chimatchedwa kuki. Njira yachiwiri siisiya kanthu, koma imangoyang'ana momwe chipangizocho chilili n'kuchizindikira, monga momwe mbusa amazindikirira ng'ombe yake ndi mawanga. Mfundo yaikulu ndi yakuti chimene chimatsatidwa si dzina la munthu ayi, koma bulawuza yake, kutanthauza pulogalamu yotsekulira masamba a pa intaneti monga Chrome, Firefox kapena Safari. Munthu akamvetsa mfundo imeneyi amadziwa chifukwa chake kufufuta makuki kumathandiza pa zina, koma osati pa zonse.

Kuki ndi chiyani, ndipo inabweriranji?

Tsamba lililonse la pa intaneti limasungidwa pa kompyuta ina yotchedwa seva. Munthu akadina pa dzina la tsamba, bulawuza yake imatumiza pempho kwa seva, ndipo seva imayankha potumiza tsambalo. Malamulo a kukambirana kumeneku, otchedwa HTTP, anapangidwa mwa njira yakuti pempho lililonse limaima palokha. Seva ikayankha imaiwala. Munthu yemweyo akapempha tsamba lachiwiri patangopita kamphindi, seva imamulandira ngati mlendo.

Kuiwala kumeneku kunali vuto lalikulu pamene anthu anayamba kugulitsa katundu pa intaneti. Wogula amasankha buku pa tsamba loyamba, cholembera pa tsamba lachiwiri, kenako n'kupita pa tsamba lolipirira. Ngati seva siikumbukira kuti mapempho atatuwa achokera kwa munthu mmodzi, dengu lake limafika polipirira lili lopanda kanthu. Mu 1994, Lou Montulli, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Netscape ku America, anapeza njira yothetsera vutoli. Seva imapatsa bulawuza kachidutswa ka malemba kuti isunge, ndipo bulawuza imabweza kachidutswako nthawi iliyonse ikamapempha tsamba kwa seva yomweyo. Kachidutswa kameneka ndiye kuki. Pa Chingerezi mawuwa amatanthauza bisiketi, koma tanthauzo limeneli silitithandiza kumvetsa ntchito yake.

Chitsanzo chabwino ndi kanambala kamene munthu amapatsidwa akasiya chikwama pakhomo la sitolo. Pa kanambalako sipalembedwa dzina lake kapena zimene zili m'chikwama. Ntchito yake ndi yoti wosunga zikwama akaona nambala 46 adziwe kuti ameneyu ndi yemwe uja anasiya chikwama pa malo a 46. Kuki nayonso nthawi zambiri imangokhala nambala. Mbiri yeniyeni ya munthu imasungidwa m'kaundula wa seva, pansi pa nambalayo. Seva imapereka kuki ndi mzere wonga uwu:

```
Set-Cookie: uid=7f3a91; Max-Age=31536000
```

Mzerewu ukuuza bulawuza kuti isunge nambala ya 7f3a91 kwa masekondi 31,536,000, chomwe ndi chaka chimodzi. Kuyambira pamenepo, pempho lililonse lopita kwa seva imeneyi limanyamula mzere uwu:

```
Cookie: uid=7f3a91
```

Kuki si pulogalamu ndipo si vayirasi. Siingathe kutsekula zithunzi kapena makalata amene ali m'kompyuta, ndipo kukula kwake sikupitirira zilembo pafupifupi 4,000. Popanda makuki, wophunzira bwenzi akulemba dzina ndi nambala yake yachinsinsi pa tsamba lililonse la imelo yake. Palinso lamulo limene bulawuza iliyonse imatsata: kuki imabwezedwa kwa mwini wake yekha amene anaipereka. Webusayiti ya nkhani siingawerenge kuki ya webusayiti ya banki. Pongomva lamuloli, munthu akhoza kuganiza kuti kalondolondo ndi wosatheka. Koma lamuloli lili ndi mpata.

Mpata wa mlendo wobisala pa tsamba

Tsamba limene timaliona ngati chinthu chimodzi limakhala losonkhanitsidwa kuchokera kumalo ambiri. Malemba amachokera kwa mwini webusayiti, koma chithunzi cha malonda, kanema, mapu kapena batani logawira nkhani kwa anzathu zimachokera kwa maseva a makampani ena. Bulawuza ikamatsekula tsambalo imapita yokha kwa seva iliyonse kukatenga gawo lake, osafunsa mwini foni. Seva iliyonse imene yafikiridwa ili ndi ufulu wopereka kuki yakeyake. Kuki yoperekedwa ndi webusayiti imene munthu waitsekula mwadala tingaitche ya mwini nyumba. Kuki yoperekedwa ndi kampani imene yangokhala ndi kagawo pa tsambalo tingaitche ya mlendo.

Tiyeni tione momwe izi zimayendera potsatira bulawuza imodzi kwa masiku atatu. Mayina a mawebusayiti m'chitsanzochi ndi ongopeka.

Lolemba, wophunzira wina akutsekula nkhani ya ngongole za ophunzira pa nkhani.example. Mwini webusayitiyi anagwirizana ndi kampani yotsatsa malonda, ndipo anaika m'tsamba lake mzere uwu:

```
<img src="https://otsatsa.example/p.gif?tsamba=ngongole"
     width="1" height="1">
```

Mzerewu ukulamula bulawuza kuti ikatenge chithunzi kwa otsatsa.example. Chithunzicho ndi cha kadontho kamodzi m'litali ndi kamodzi m'lifupi, choncho maso sachiona. Cholinga chake si kuonedwa ayi, koma kuti bulawuza ikagogode pakhomo la kampaniyo. Pogogodapo, bulawuza imanena webusayiti imene yachokera, ndipo mawu amene ali kumapeto kwa adiresi ya chithunzicho akuulula tsamba lenileni limene likuwerengedwa. Kampaniyo ikuona kuti bulawuza imeneyi ilibe kuki yake, choncho ikuipatsa nambala ya 7f3a91, n'kulemba m'kaundula kuti 7f3a91 wawerenga za ngongole Lolemba m'mawa.

Lachiwiri, wophunzira uja akutsekula sitolo.example kuti aone mtengo wa nsapato. Sitoloyi nayonso ili ndi kadontho ka kampani yomwe ija. Bulawuza ikupita kukatenga kadonthoko, ndipo chifukwa ikulankhula ndi mwini wa kuki, ikubweza nambala ya 7f3a91 monga mwa lamulo. Kampaniyo ikuwonjezera mzere wachiwiri m'kaundula: 7f3a91 waona nsapato zakuda, koma sanagule.

Lachitatu, wophunzirayo akuwerenga za mankhwala a matenda ena ake pa zaumoyo.example, ndipo kadontho kaja kaliponso. Kaundula akulandira mzere wachitatu. Madzulo a tsiku lomwelo akubwerera pa nkhani.example kukawerenga za mpira. Malo a malonda pa tsambalo akufunsa kampani ija kuti ionetse chiyani, ndipo kampaniyo, poona nambala ya 7f3a91, ikutumiza chithunzi cha nsapato zakuda.

M'chitsanzo chonsechi palibe lamulo limene laswedwa. Webusayiti ya nkhani siinaone kuki ya sitolo, ndipo sitolo siinaone kuki ya zaumoyo. Amene waona zonse ndi mlendo uja, chifukwa anali m'nyumba zonse zitatu. Zili ngati masitolo atatu osadziwana alemba ntchito alonda a kampani imodzi, ndipo madzulo alionse alondawo amakaphatikiza zimene aona m'buku limodzi. Apa pakuoneka kuti mphamvu ya kampani ya kalondolondo imadalira kuchuluka kwa masamba amene ili ndi kagawo kake. N'chifukwa chake kampani ya DoubleClick, yomwe inatchuka ndi njira imeneyi m'zaka za m'ma 1990, inagulidwa ndi Google mu 2008 pa mtengo wa madola 3.1 biliyoni. Batani la Facebook limene limaikidwa pa masamba a ena limagwiranso ntchito mofanana: kuti lioneke, bulawuza iyenera kupita kwa seva ya Facebook, ngakhale munthu asalidine.

Nambala imasanduka liti dzina?

Wina akhoza kunena kuti palibe chodetsa nkhawa, popeza kaundula uja akungotchula nambala. Izi ndi zoona mpaka tsiku limene nambalayo yakumana ndi dzina. Wophunzira uja akalembetsa imelo yake pa sitolo.example, ndipo sitoloyo ikapereka imeloyo kwa kampani yotsatsa, mizere yonse yakale imapeza mwini wake nthawi imodzi, kuphatikizapo mzere wa Lachitatu wa mankhwala uja. Ngati kampani ya kalondolondo ndi yomweyo imene munthu ali ndi akaunti yake ya imelo kapena ya macheza, kukumanitsa nambala ndi dzina kumakhala kosavuta n'komwe.

Njirayi ilinso ndi zolakwika zake, ndipo zolakwikazo zimachokera pa mfundo ija yakuti kuki imatsata bulawuza, osati munthu. Kompyuta imodzi ya mu laibulale imene ophunzira 30 amagwiritsa ntchito imaoneka ngati munthu mmodzi wokonda zinthu zosagwirizana. Munthu mmodzi amene ali ndi foni ndi laputopu amaoneka ngati anthu awiri. Vuto lalikulu limaoneka pa foni yobwerekana m'banja. Zimene mmodzi anafufuza mobisa, monga za mimba kapena za matenda, zikhoza kutulukira ngati malonda pamaso pa wina amene wabwereka foniyo. Kampaniyo siinaulule chinsinsi mwadala, koma siinathe kusiyanitsa manja amene agwira foni.

Makomo atayamba kutsekedwa

Popeza bulawuza ndiyo imasunga kuki ndi kuibweza, bulawuza yomweyo ikhoza kukana. Firefox inayamba kutchinga makuki a makampani odziwika a kalondolondo mu 2019, ndipo mu 2022 inawonjezera njira ina yoti kuki ya mlendo izisungidwa padera pa webusayiti iliyonse. M'chitsanzo chathu chija, izi zikutanthauza kuti otsatsa.example ikadapereka nambala ina pa nkhani, ina pa sitolo, inanso pa zaumoyo, ndipo mizere itatu ija siikadalumikizana. Safari inatchinga makuki onse a alendo mu 2020. Google inalengeza mu 2020 kuti Chrome nayonso idzawachotsa, koma itazengereza kwa zaka zingapo inabweza ganizoli mu 2024.

Malamulo a mayiko nawonso analowererapo. Ku Ulaya, lamulo limene linakonzedwanso mu 2009 limafuna kuti webusayiti ipemphe chilolezo isanaike kuki yosafunikira pa ntchito imene munthu wapempha, ndipo lamulo la GDPR la mu 2018 linakhwimitsa tanthauzo la chilolezocho. Kumeneku ndi kumene kunachokera timabokosi timene timatchinga tsamba n'kumafunsa ngati tikuvomera makuki. Mu Januwale 2022, bungwe la CNIL la ku France linalengeza chindapusa cha mayuro 150 miliyoni kwa Google ndi mayuro 60 miliyoni kwa Facebook. Mlandu wake unali wakuti kuvomera makuki kunkafuna kudina kamodzi, pomwe kukana kunkafuna kudina kangapo.

Koma madzi akatsekedwa njira amafuna ina. Makampani ena amamata nambala kumapeto kwa adiresi imene munthu wadina, monga `gclid` ya Google ndi `fbclid` ya Facebook, kuti nambalayo iwoloke kuchoka pa webusayiti ina kupita pa ina popanda kuki ya mlendo. Ena anatembenukira ku njira yosasiya kanthu m'chipangizo.

Chidindo cha bulawuza

Kuti tsamba lioneke bwino, bulawuza imauza webusayiti zinthu zingapo za chipangizo chimene ili. Imanena mtundu wake, kukula kwa sikirini, chilankhulo chimene mwini wake anasankha, ndiponso dera la nthawi limene wotchi yake ikutsata. Tsamba likhoza kufunsa zimenezi ndi mizere yochepa ya JavaScript, ndipo silipempha chilolezo:

```
navigator.userAgent
navigator.languages
screen.width + "x" + screen.height
Intl.DateTimeFormat().resolvedOptions().timeZone
```

Palibe yankho limodzi mwa awa limene lili chinsinsi, ndipo lililonse lili ndi ntchito yabwino. Vuto limabwera mayankhowa akaphatikizidwa. Tiyerekeze kuti webusayiti ina ili ndi alendo 1,000,000, ndipo manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti tione masamu ake. Ngati mlendo mmodzi mwa 50 alionse ali ndi wotchi ya `Africa/Blantyre`, yankho limeneli lokha likusiya anthu 20,000. Ngati mwa amenewa mmodzi mwa 20 alionse anaika Chichewa, chomwe chizindikiro chake ndi `ny`, pa mndandanda wa zilankhulo za bulawuza, atsala 1,000. Kukula kwa sikirini kukapezeka pa chipangizo chimodzi mwa 10, atsala 100. Mtundu wa bulawuza ukapezeka pa chimodzi mwa 5, atsala 20. Funso limodzi lokha lamphamvu likhoza kusiyanitsa 20 otsalawa n'kusiya mmodzi.

Funso lamphamvu loterolo lilipo, ndipo Keaton Mowery ndi Hovav Shacham analifotokoza mu 2012. Tsamba limalamula bulawuza kuti ijambule chiganizo ndi mitundu ingapo pa malo obisika otchedwa `canvas`, kenako limawerenga chithunzicho kadontho ndi kadontho. Makompyuta awiri akapatsidwa lamulo limodzi sajambula chimodzimodzi, chifukwa amasiyana zida zojambulira, mitundu ya zilembo imene ali nayo, ndi momwe amasalazira m'mbali mwa zilembozo. Diso silingaone kusiyanako, koma manambala amakuonetsa. Zili ngati kuuza kalasi yonse kuti ilembe chiganizo chimodzi: mawu ndi ofanana, koma mphunzitsi amadziwa dzanja la aliyense. Mu 2014, ofufuza a ku yunivesite ya Princeton ndi ya KU Leuven anapeza njirayi pa mawebusayiti oposa 5 mwa 100 alionse pakati pa mawebusayiti 100,000 otchuka kwambiri.

Mayankho onse akasonkhanitsidwa amasandutsidwa nambala imodzi, ndipo nambala imeneyi ndiyo chidindo cha bulawuza. Imagwira ntchito yomwe ija ya 7f3a91, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Kuki imasungidwa m'chipangizo, kotero mwini wake akhoza kuiona ndi kuifufuta. Chidindo sichisungidwa m'chipangizo. Chimawerengedwanso mwatsopano nthawi iliyonse munthu akatsekula tsamba, ndipo yankho limatuluka lomwelo. Palibe choti munthu afufute.

Umboni woyamba waukulu wa mphamvu ya njirayi unachokera kwa Peter Eckersley wa bungwe la Electronic Frontier Foundation mu 2010. Iye anayesa mabulawuza 470,161 a anthu amene anadzipereka okha, ndipo anapeza kuti pafupifupi 84 mwa 100 alionse anali ndi chidindo chosafanana ndi cha wina aliyense. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Funso limene limagawa gulu pakati likafunsidwa ka 20, limakwanira kusankha munthu mmodzi pakati pa anthu oposa 1,000,000, ndipo mafunso otere 33 amakwanira anthu onse a pa dziko lapansi.

Chitsanzo cha `ny` chija chili ndi phunziro lapadera kwa olankhula zilankhulo zimene sizipezeka kwambiri pa intaneti. Chimene chimaulula munthu si kuchuluka kwa zimene bulawuza yake yanena, koma kusowa kwa anzake ofanana naye. Bulawuza imene yasankha Chingerezi cha ku America imabisala m'khamu la anthu mamiliyoni. Bulawuza imene yasankha Chichewa, makamaka ngati mwini wake ali ku London kapena ku Johannesburg, imaonekera ngati nkhuku yoyera pakati pa zakuda. Chimodzimodzinso munthu amene waika zida zambiri zachilendo zodzitetezera m'bulawuza yake akhoza kudzisiyanitsa kwambiri ndi anzake, n'kukhala wosavuta kumuzindikira.

Malire a chidindo

Chidindo cha bulawuza si chodalirika ngati chidindo cha chala cha munthu. Choyamba, chimasintha. Bulawuza ikalandira zokonza zatsopano, kapena munthu akalumikiza sikirini ina, mayankho ena amasintha, ndipo kampani imayenera kungoganizira kuti chidindo chatsopanocho ndi cha yemwe uja. Chachiwiri, zipangizo zambiri zimafanana. Mafoni a mtundu umodzi otuluka m'fakitale imodzi amajambula mofanana, ndipo makompyuta a m'chipinda chophunziriramo amene anakonzedwa tsiku limodzi amapereka mayankho ofanana. Chachitatu, mayankhowa amayenderana, choncho masamu athu aja ndi okokomeza pang'ono: amene ali ndi wotchi ya ku Malawi nthawi zambiri amakhalanso ndi mafoni a mitundu yofanana. Kafukufuku wina wa mu 2018, amene anayesa zidindo zoposa 2 miliyoni za alendo wamba a webusayiti ina yaikulu ya ku France, anapeza kuti pafupifupi chidindo chimodzi chokha mwa zitatu ndicho chinali chosafanana ndi china, ndipo pa mafoni chiwerengerocho chinali chotsika kuposa pamenepo.

Pofuna kuphimba zofookazi, makampani amaphatikiza chidindo ndi adiresi ya IP, yomwe ndi nambala ya njira imene chipangizo chalowera pa intaneti. Mafoni 20 ofanana akhoza kukhala ndi chidindo chimodzi, koma si onse amene amalowera pa intaneti panyumba imodzi. Tiyeneranso kunena kuti njirayi siigwiritsidwa ntchito pa malonda pokha. Mabanki amaigwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati akaunti yatsekulidwa ndi chipangizo chachilendo. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene chimachititsa kuti kuiletseratu kukhale kovuta.

Momwe munthu angaonere ndi kudzitetezera

Kalondolondo wa makuki ndi wosavuta kumuona. Pa kompyuta, munthu atsekule tsamba la nkhani, adine batani la F12, asankhe gawo la Network, kenako atsekulenso tsambalo. Adzaona mndandanda wa mapempho onse amene bulawuza yatumiza. Dzina lililonse la seva losiyana ndi la webusayiti imene watsekula ndi mlendo, ngakhale si mlendo aliyense amene ali wa kalondolondo, popeza ena amangobweretsa zithunzi kapena zilembo. Makuki enieniwo amapezeka pansi pa Application mu Chrome kapena pansi pa Storage mu Firefox. Kuki yokhala ndi nambala yaitali yosamveka komanso tsiku lothera lakutali ndiyo yoyenera kuikayikira. Chidindo ndi chovuta kuchiona mwa njira imeneyi, koma tsamba la Cover Your Tracks la bungwe lija la Electronic Frontier Foundation limayesa bulawuza ya munthu n'kumuuza ngati ili yosiyana ndi ina yonse imene layesa.

Chida chilichonse chodzitetezera chimatseka khomo lake lokha. Kufufuta makuki kumathetsa nambala yakale, koma kampani imapereka yatsopano pa ulendo wotsatira, ndipo ngati ili ndi chidindo ikhoza kulumikiza nambala ziwirizo. Zenera lachinsinsi, lotchedwa Incognito mu Chrome, limataya makuki ndi mbiri likatsekedwa. Limathandiza kwambiri pa foni yobwerekana, koma silisintha adiresi ya IP, ndipo mbali yaikulu ya chidindo imakhala yomweyo. VPN imabisa adiresi ya IP koma siikhudza makuki kapena chidindo. Kutchinga makuki onse kumalepheretsa munthu kulowa mu imelo yake, choncho oyenera kutchingidwa ndi a alendo okha.

Polimbana ndi chidindo pali njira zitatu. Yoyamba ndi kuletsa bulawuza kuti isapite n'komwe kwa maseva odziwika a kalondolondo, pakuti amene sanafikiridwe sangafunse funso. Yachiwiri ndi kufananitsa anthu onse, monga imachitira Tor Browser, yomwe imayesetsa kuti ogwiritsa ntchito ake onse azipereka mayankho ofanana. Yachitatu ndi kusokoneza mayankho, monga imachitira Brave, yomwe imasintha pang'ono chithunzi cha `canvas` kuti chidindo chisatuluke chofanana pa mawebusayiti osiyana. Koma zonsezi sizithandiza munthu akalowa yekha mu akaunti yake, chifukwa pamenepo watchula yekha dzina lake.

Mawu omaliza

Nkhaniyi yaonetsa kuti kuki inapangidwa pofuna kuthandiza seva yoiwala kuti ikumbukire dengu la wogula, ndipo inasanduka chida cha kalondolondo chifukwa kampani imodzi ikhoza kukhala mlendo pa masamba ambirimbiri. Yaonetsanso kuti makomo a makuki atayamba kutsekedwa, chidindo cha bulawuza chinapereka njira yozindikirira chipangizo popanda kusiyamo kanthu. Kusiyana kwa njira ziwirizi kuli pa ulamuliro. Kuki ili m'manja mwa mwini foni, amene akhoza kuiona, kuikana ndi kuifufuta. Chidindo chili m'manja mwa wofunsa mafunso. N'chifukwa chake kabokosi kofunsa za makuki sikayankha funso lonse. Munthu amene akufuna kudziwa ngati akutsatidwa asamangofunsa kuti webusayiti yasiya chiyani m'foni mwake. Azifunsanso kuti ndi alendo angati amene bulawuza yake yalankhula nawo potsekula tsamba limodzi, ndiponso kuti yawauza chiyani.